Zala Ziwiri ndi Theka

Macheka amagetsi anagawa dzanja langa lamanja mwachilungamo: iwo zala ziwiri ndi theka, ine ziwiri ndi theka. Chakudza sichiimba ng'oma. Kuchokera tsiku limenelo dzanjalo linasamukira m'thumba la buluku, ndipo anthu ndinkangowapatsa moni wa pakamwa.

Patatha chaka ndi miyezi iwiri ndili lova, kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba inandiitana ku intavyu. Inkafuna kalaliki wolemba katundu wolowa ndi wotuluka. Ntchitoyo ndinkaifuna kwambiri, koma m'kalata yofunsira sindinatchule za dzanja.

Mlamu wanga, yemwe kuntchito kwawo ndiye amalemba anthu ntchito, anabwera kudzandiphunzitsa kalowedwe. Anakhala pampando wanga, m'nyumba mwanga, n'kunditulutsa kuti ndikagogode.

"Alamu, mudikire akuuzeni kuti lowani. Mukalowa tsekani chitseko, mumwetulire, muwapatse moni onse mukuwayang'ana kumaso. Kumwetulira, alamu, osati zimenezo. Mukuoneka ngati mwaluma mwala mumpunga."

Ndinatuluka n'kulowanso kanayi.

"Dzanja musayambe ndinu kupereka. Akakupatsani, gwirani molimba pang'ono, kugwedeza kamodzi kapena kawiri, basi. Mpando ngakhale ukukodoleni, osakhala mpaka akuuzeni."

"Nanga akandipatsadi dzanjalo?"

Mlamu anayang'ana pawindo. "Ambiri masiku ano sapereka. Mudzangonyamula envelopu ya masatifiketi kumanjako, iphimbe."

Ndinavomera, koma mumtima zinandiwawa kuti ngakhale iye sanafune kuliona.

Tsikulo linafika. Ndinagogoda, anati ndilowe, ndinatseka chitseko bwinobwino. Kuseri kwa tebulo lalitali kunali anthu atatu: mayi wa magalasi pakati, kapitawo wa imvi kumanzere, ndi bambo wina wa tayi yofiira yemwe ankangolizaliza cholembera. Mbali yanga kunali mpando umodzi, wokankhidwira pansi pa tebulo. Ndinamwetulira, ndipo ndikukhulupirira kuti mwala sunaoneke.

"Mwadzuka bwanji nonse?"

Abambo awiriwo anayankha ndi mitu. Ndinayamba kupuma bwino. Kenako mayiyo anaimirira, n'kutambasula dzanja pamwamba pa mafailo.

Linakhala m'malere dzanjalo, lili ndi wotchi yaing'ono. Kupereka lamanzere kukanakhala mwano. Kunamizira chimfine kukanakhala bodza, ndipo ntchito yosunga katundu wa eni sayamba ndi bodza. Ndinachita mantha, osati pang'ono. Koma manyazi anapha lambe. Ndinasamutsira envelopu kumanzere, n'kupereka zomwe macheka anandisiyira.

Mayiyo anagwira. Ndinamva zala zake zikufunafuna zinzake pomwe panalibe, kenako zinakhazikika n'kufinya monga achitira ndi dzanja lina lililonse. Maso ake sanatsike.

"Takulandirani, bambo. Ndine woyang'anira antchito pano."

"Zikomo, mayi."

Kupatula anamwino, panalibe munthu yemwe anali ataligwirapo chivulalire. Ndinadzikwiyira kuti munthu wamkulu wandevu ndikufuna kulira chifukwa cha moni.

Mayiyo anakhala pansi n'kuyamba kufufuza pepala langa pamulu. Ine chiimire pambali pa mpando. Wa tayi uja anali ataleka kuliza cholembera, maso ali padzanja langa. Thumba linali pomwepo, koma ndinalisiya dzanjalo lilendewere panja. Timasekondi timeneto tinatalika kuposa miyezi yonse ya ulova.

"Pepani, khalani pansi," anatero mayiyo atalipeza pepalalo.

Ndinathokoza, ndinakoka mpando ndi dzanja lomwelo, n'kukhala.

Mafunso anayenda. Kapitawo anafunsa za mitundu ya matabwa, ndipo pamenepo ndinali kwathu, poti kucheka matabwa ndiyo inali ntchito yanga ndisanavulale. Wa tayi anazungulira nkhani kawiri konse, kenako anatulutsa chomwe chinkamudya.

"Ntchito ino ndi yolemba tsiku lonse. Muzitha?"

"Mundibwereke cholembera chanucho, bwana."

Ndinakopera mzere wa katundu womwe anandipatsa: simenti, misomali, malata. Anautenga n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

Pomaliza mayiyo anati adzandiimbira sabata isanathe. Ndinawathokoza onse, ndinaimirira, n'kubwezera mpando m'malo mwake. Ndikuti nditembenuke, ndinamva mpando wina ukukhwekhwereza. Wa tayi anali ataimirira, dzanja atatambasula, nkhope ili ndi manyazi ngati kuti wofunsira ntchito ndi iyeyo.

Ndinaligwira molimba ndithu, kuposa mmene mlamu anandiphunzitsira, kuti amve yekha kuti zotsalazi zimagwira ntchito.