Mapiritsi a Bondo la Mayi Tsang

Mayi Tsang anafika ku sitolo ya mankhwala ya a Fung akugwira makoma ngati munthu woledzera. Chonsecho mayiwa mowa sanaulaweko chibadwire. Sabata yonseyo mutu unkangowazungulira, tulo tosatha, mpaka tsiku lina anapsereza ketulo ali gone pampando dzuwa likuswa mtengo. Sanauze munthu. Akanauzanso ndani? Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ka-ho, anasamukira ku Mangalande ndi banja lake, ndipo pafoni ankangomuyankha kuti zonse zili bwino.

Mawa lake linali tsiku la Ching Ming, pamene Hong Kong yense amakwera mapiri kukasesa manda ndi kuperekera akufa chakudya. Kwa Mayi Tsang inali Ching Ming yoyamba amuna awo chimwalirire. Mtembo wa mkuluyo unawotchedwa, ndipo phulusa lake linali m'nyumba yosungira phulusa pamwamba pa phiri, ndipo kuchokera pamene basi imaima ndi masitepe okhaokha. Mayiwo anali atalumbira kuti akafika, bondo lifune lisafune.

"Undiwonjezere a bondo aja," anatero, akuika kabokosi kawo ka mankhwala patebulo. "Atha."

A Fung, bambo wadazi amene anawagulitsa mankhwala banjali zaka zambirimbiri, anakweza magalasi.

"Atha bwanji, azakhali? Mukudyera mpunga kodi? Amene aja dokotala anawerengera kuti mwina mufika nawo mwezi."

"Usandiseke iwe. M'mawa, masana, madzulo. Sindinaphonyepo."

Nkhope ya a Fung inasintha. Anatsegula kabokosi kaja, ka timagawo ta masiku ndi nthawi. Kabokosiko kanali ka malemu Bambo Tsang, munthu amene ankakhulupirira kuti piritsi lopanda ola lake ndi lotayika. Ndiwo ankamvetsera zonena za madokotala, ndiwo ankagawa mankhwala Lamulungu lililonse, akazi awo n'kumangomeza. Atamwalira, mayiwo anapitiriza monga ankaonera: kufika kunyumba, kukhuthulira zonse m'timagawo, kapepala n'kutaya.

"Kathumba kanali ndi malangizo kaja kali kuti?"

"Ndisunge zinyalala?"

A Fung analowa mkati, n'kubwera ndi chikalata chimene dokotala analemba. Analoza ndi cholembera.

"Onani apa. Awa ndi a kuthamanga kwa magazi, kamodzi tsiku lililonse, muzimwa ngakhale mukumva bwino. Koma a bondowa, tramado, kumapeto kuli zilembo zitatu izi: PRN. Ndi chidule cha Chilatini, kutanthauza kuti imwani pokhapokha pakafunika. Bondo likapweteka, mumwe limodzi. Likakhala chete, musawakhudze. Ndinakuuzanitu tsiku lija, inu mukungogwedeza mutu."

"Ndiye maola alembedwawo ndi a chiyani?"

"Amenewo si belu la kusukulu ayi, ndi malire. Mukamwa, papite maola osachepera asanu ndi limodzi musanamwenso, ndipo patsiku musapyole pamene dokotala waika. Mankhwalawa ndi amphamvu. Chizungulire chanucho ndi tulo, mwina gwero lake ndi limeneli. Bondo limapweteka tsiku lililonse?"

Mayi Tsang anaganiza. Kunena zoona, akakhala pansi silinkawavuta. Linkayamba akakwera masitepe kapena akanyamula za kumsika, ndipo sabata imeneyo sanatuluke n'komwe.

"Ndiye wondiuza kuti tsopano pafunika ndani?" anafunsa.

"Ndinu nomwe, azakhali. Bondolo ndi lanu."

Mawu amenewa anawalasa, ngakhale a Fung sanadziwe. Pa ukwati wawo wonse Mayi Tsang sananenepo ndi pakamwa kuti apa pakundipweteka. Amuna awo ankangoona mmene akhalira pampando, basi madzi otentha ndi piritsi zafika.

"Chabwino, ndamva. Ndipatse awiri okha, a mawa."

"Sindingathe. Amenewa satuluka popanda chikalata chatsopano."

"Iwe Fung, ndinakuona uli ndi tsitsi lonse, lero ukundimana?"

"Ngakhale munandiona ndili pamsana, sindingathe. Pitani kwa dokotala wanu."

"Watseka kale, akuti wapita kukasesa manda a kwawo kumtunda."

A Fung anapuma mozama. Anawafunsa ngati chiwindi chinawavutapo, kapena ngati akumwa a chimfine, kenako anatenga paketi ya parasitamo.

"Awa ndingakupatseni. Si amphamvu ngati aja. Lamulo lake ndi lomwelo: likapweteka, awiri, ndiye mudikire maola omwe aja. Mulibe thupi inu, musapyole katatu patsiku. Musawaike m'kabokosi, akhale m'thumba la malaya. Mukayamba kutuluka thukuta kapena kunjenjemera chifukwa chosiya aja, pitani kuchipatala. Koma bwanji osadikira sabata ya mawa? Malemu sathawa."

"Akufa anzawo onse adye, iwo azingoyang'ana?"

Kutacha, mutu unali utapepukako. Anagula nyama yankhumba yowotcha, malalanje atatu ndi maluwa oyera, nathira tiyi m'fulasiki. Basi inali yodzaza ndi mabanja, ana akulimbirana mpando wa pawindo, azibambo atanyamula matumba a mapepala okawotchera makolo. Mtsikana wina anawapatsa malo, osawayang'ana n'komwe.

Masitepe oyambirira anawakwera bwino. Atafika pokhota pamene pali mpopi wa madzi, bondo linayamba. Linabaya mkati, mwendo wonse n'kuuma. Anakhala pa kakhoma ka simenti, dzanja lili m'thumba la malaya, akuzengereza. Kodi uku ndi kupweteka kokwanira? Anayang'ana uku ndi uku ngati pali womufunsa. Anthu ankangodutsa, aliyense ndi akufa ake.

Anamwa awiri ndi tiyi wa malemu.

Anadikira nthawi yaitali ndithu. Ululu unachepa, koma sunathe. Anaimirira, nakwera pang'ono atagwira chitsulo cha m'mbali, mwendo ukukana. Nyumba ya phulusa inkaoneka bwinobwino pamwamba, utsi wa lubani ukutuluka, koma masitepe otsala anali ambiri kuposa amene anakwera. Anaigwiranso paketi ija. Maola anali asanakwane, ndipo tsopano ankadziwa kuti kuwonjezera sikungawafikitse. Anakumbukira mapiritsi amphamvu aja, mmene anawamezera onse ali khale pampando, bondo lili phee, akuwodzera pamaso pa wailesi yakanema. Mtima unawawa kuposa bondo.

Anatsika chammbuyo mpaka pa kakhoma kaja. Anayala nyuzipepala, naika nyama, malalanje ndi maluwa, zonse zoyang'ana kumtunda. Anathira tiyi m'timakapu tiwiri. Mlonda wa pamandapo anabwera kudzawauza kuti apa ndi panjira, koma ataona timakaputo anatembenuka n'kubwerera.

Mayi Tsang anakonza kolala ya malaya awo, nakweza maso ku phiri.

"Bambo a Ka-ho," anatero mokweza, mpaka banja lina linacheuka. "Ndabwera, koma bondo likundipweteka. Likundipweteka kwambiri. Lero tsikani ndinu."