Ntchito ya Febby pa Dzina la Khumbize

Febby Mwakasungula akayamikiridwa, ankapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Aa, tinangothandizako." Madzi atasefukira ku Kaporo, iye ndiye anayendetsa msasa wa anthu othawa madzi papulaimale ya kwawo, zaka ziwiri zotsatizana, osalandira kanthu. Koma pa CV yake panali mawu awiri okha: ntchito yodzipereka.

Bungwe lina litalengeza kuti likufuna mlangizi wa kumidzi, anapita ku Boma kwa mnzake Khumbize, amene ankatayipira anthu makalata.

"Iwe, mabwana sagula chifundo," anatero Khumbize. "Unkachita chiyani kwenikweni? Anthu angati?"

"Mabanja 240."

"Ndiye uziti unalemba ndi kusamalira kaundula wa mabanja 240. Odzipereka anzako ankamvera ndani?"

"Ine. Analipo khumi ndi awiri."

"Umenewo ndi utsogoleri, mbuzi iwe! Nanga mikangano ya pamzere wa chakudya?"

Febby anafotokoza zonse, ngakhale malipoti amene ankatumiza kwa akuluakulu Lachisanu lililonse. Khumbize ankalemba mwachangu, chilichonse ndi mwezi wake ndi chaka chake. Pa mboni anaika a Yotamu, wapampando wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Anati akonza bwino n'kutumiza yekha pa imelo.

Patatha milungu itatu, Febby anamva kutchalitchi kuti Khumbize waitanidwa ku intavyu. Anaimbira foni kubungweko. Mayi wa ku ofesi anafufuza, n'kumuuza kuti kalata ya dzina la Febby sinafike. Febby anayamba kukayika kuti Khumbize watumiza CV ija pa dzina lake iye mwini.

Anawapeza a Yotamu akuyanika mpunga pakhomo.

"Bambo, a bungwe anakuimbirani?"

"Anaimba."

"Munati msasa ankayendetsa ndani?"

A Yotamu anapitiriza kusalaza mpunga ndi phazi. "Khumbize ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo ali ndi dipuloma. Iwe ukapita kutauni, mvula ikabwera anthu awa adzaona ndani? Umagwirira ntchito Mulungu, mwana wanga."

"Khumbize anafikako kamodzi kumsasa. Kudzajambulitsa."

"Usakweze mawu pakhomo panga."

Febby sanakweze mawu. Anapita kwa mayi Ireen, namwino amene ankagwira naye ntchito kumsasa, nawapempha kuti akhale mboni yake. Iwo anavomera, n'kulemba kalata pomwepo. Kunyumba anakhala pamkeka nalembanso CV ndi dzanja lake: udindo, miyezi, mabanja, anthu amene ankawatsogolera, ndi zimene zinatheka. Anawonjezera chimene anaiwala kuuza Khumbize, chakuti anaphunzitsa amayi makumi atatu kuthira mankhwala m'madzi akumwa.

Intavyu inali mawa lake, ndipo iye sanaitanidwe. Anatsimikiza kuti akakhala pakhomo la ofesi ya bungwelo mpaka wina amufunse funso limodzi lokha la kumsasa, Khumbize ali pomwepo. M'chikwama anaikamo CV, kalata ya mayi Ireen, makope a malipoti ndi diresi la buluu. Kiyi wa chipinda cha komiti, amene iye ankasunga, anapatsira mayi ake kuti akawabwezere a Yotamu.