Sari ya Mayi Sharda

A January akhala akusoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe kwa zaka makumi atatu, koma nsalu imene anabwera nayo mayi Gertrude Lolemba lija inawaumitsa pakamwa. Inali sari, nsalu yovala amayi achimwenye, ya silika wobiriwira. Mayiwa anapatsidwa ndi abwana awo a ku Namiwawa, mayi Sharda, tsiku limene banjalo linkasamukira kunja. Anaisunga m'sutikesi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo tsopano ankafuna isanduke diresi la chinkhoswe cha mwana wawo Daisy, Loweruka la sabata yomweyo.

Ataitambasula, a January anaona kuti m'mapindo monse nsaluyo inali itafooka. Yolimba inatsala yochepa.

"Mayi, nsalu iyi imafuna diresi lotaya. Lothina silipirira."

"Lotaya ngati la azigogo? Ayi, bambo," anatero Daisy, amene anabwera ndi mayi ake. Mayi ake anangoti, "Musokereni mmene akufuniramo."

A January anachita zonse zimene ankadziwa. Anayala nyuzipepala patebulo, nsalu pamwamba osaipinda, n'kubaya mapini m'mphepete mokha, poti silika akabooledwa chiboo sichitsekeka. Anadula nsalu ndi pepala limodzi kuti isaterereke. Pamakina anaika singano yatsopano yopyapyala. Msoko uliwonse anausoka kawiri, koyamba kunja, kenako n'kutembenuza, kuti m'mphepete moyoyoka mubisike m'kati. Koma pozemba malo ofooka aja, m'chiuno munatsala kansalu kochepa kwambiri kopinda.

Lachisanu masana Daisy anakayesa diresilo kuseri kwa sitolo. Anatuluka akuwala, mpaka amayi ogulitsa nthochi anaimba nthungululu. Ndiye anakhala pabenchi kuti avale nsapato.

Sipanamveke kung'ambika. Daisy anangogwira m'chiuno, nkhope n'kugwa.

A January anawerama. Ulusi wawo unali bwinobwino, sunaduke ngakhale pamodzi. Nsaluyo ndi imene inatsetsereka kuchoka pamsoko, n'kusiya timipata ngati mano a chipeso.

"Ingosokaninso," anatero mayi Gertrude.

"Ndikalowetsa msoko m'kati, lithina koposa. Ndikautulutsa, palibe nsalu, ndipo ziboo za singano zionekera."

Daisy atavula, a January anayesabe. Anamata kansalu kolimbitsa kuseri ndi simbi yofunda pang'ono, n'kusokanso. Atakoka ndi zala, pamsoko panagwira, koma chapambali pake panayamba kumasuka. Anafufuza m'zidutswa zotsala: zonse zinali za m'mapindo muja.

Daisy ankalira chamumtima atayang'ana kumsewu. Mayi Gertrude anasisita diresilo pamiyendo pawo nthawi yaitali.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinkachapa m'nyumba ya mayi Sharda," anatero motsitsa mawu. "Kodi Daisy ataimirira, lingapirire?"

"Ataimirira, inde."

"Nanga pogwadira apongozi?"

A January anayang'ana makina awo, kenako manja awo. Anapukusa mutu. Mayi Gertrude analipinda diresilo mosamala, analiika m'jumbo, ndipo awiriwo anatsetsereka kukakwera minibasi ya ku Chirimba.