Zigamba za Winston

Bambo anga a Reginald anagwira ntchito ya njanji mpaka imvi zinawadzaza mutu, ndipo pa moyo wawo ankadana ndi zinthu ziwiri: sitima yochedwa ndi chigamba. Ankati chigamba ndi umphawi woonekera patali. Ndiye Mulungu, amene nthawi zina amaoneka ngati wanthabwala, anawapatsa mwana wamwamuna mmodzi yekha, mlongo wanga Winston, amene ankasokerera zigamba pa chovala chosang'ambika n'komwe.

Winston anali wa gulu la okonda nyimbo za roko, zija za magitala okalipa. M'Mutare monse analipo ochepa, koma sunkawasowa: jinzi yakuda, tisheti yakuda, nsapato zazikulu ngati za mumgodi, ena jekete yachikopa ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kutchalitchi ankati ndi ana a Satana. Bambo anamva zimenezo kokwanira, ndipo tsiku lina analanda jekete ya Winston n'kuitsekera m'bokosi lawo lachitsulo. Anayankhana mawu oipa. Chinali chaka cha 2008, m'mashopu mulibe kanthu, anyamata onse akukhamukira ku Chiadzwa kukakumba dayamondi, ndipo Winston anapita nawo osatsanzika.

Miyezi inapita osamva kanthu. Kenako bambo anagwa kubafa, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Nesi wa kukiliniki anandiitanira panja n'kunena kuti, "Ruby, ngati pali abale oti awaone, aitaneni." Pakamwa pa bambo panali patapindika, koma dzina limodzi linkatuluka bwinobwino. M'mawa Winston, madzulo Winston. Ndikawamwetsa phala ankandigwira dzanja n'kuyang'ana kukhomo. Ndinkaopa kwambiri kuti afa asanamuone.

Ndinafunsa kwa oyendetsa makombi, maminibasi a ku Marange kumene kuli Chiadzwa, ndinafunsa kwa ogula dayamondi, ndinafika mpaka ku Odzi kwa azakhali. Palibe amene ankamudziwa. Otsala anali anzake a zakuda aja, ndipo iwo akaona munthu wa diresi ya maluwa ngati ine, pakamwa ankatseka. Sindikuwaimba mlandu, anali atatukwanidwa mokwanira. Ndinangomva kuti Loweruka masana amasonkhana m'galaja ina ku Greenside, pamene bandi yawo ya Simbi Tsvuku imaimbira pa jenereta, ndipo amalowetsa awo okhaokha.

Ndinaganiza kuti nkhani ndi yovala basi. Ndinapita kumsika wa Sakubva, pamene amamasula mabelo a kaunjika ochokera ku Mozambique, n'kufukula mulu mpaka ndinapeza tisheti yakuda ya chigaza cha munthu, yolembedwa zilembo zonga minga zosawerengeka. Ndinaichapa, ndinaisita mpaka mizere kuima m'manja, ndinaipisira m'siketi ngati ndikupita kukwaya. Ndinadziyang'ana pagalasi n'kuona kuti ndatha ntchito.

Pageti la ku Greenside panakhala mtsikana wometa mbali imodzi ya mutu, dzina lake Nyengeterai. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi phwete.

"Sisi, mwaisita?" anandifunsa m'Chishona.

"Ndimaikonda bandi imeneyi," ndinatero.

"Zoona? Dzina lake ndani?"

Ndinayang'ana pachifuwa panga. Mingayo sinandithandize.

"Chabwino, tchulani nyimbo zake zitatu. Ngakhale imodzi." Anadikira pang'ono. "Onani sisi, tisheti imeneyi ena aisaka m'mabhero a kaunjika chaka chonse. Kumbuyoko kwalembedwa mizinda imene bandiyo inaimbako, n'chifukwa chake ndi yamtengo kwa ife. Munthu akaivala amakhala akunena kuti nyimbozi amazidziwa, tikakumana panjira tilonjerane. Inu mwavala bodza. Akutumani a kutchalitchi kapena apolisi?"

"Ndikufuna mlongo wanga, Win..."

Jenereta inalira, magitala anabangula, ndipo iye anali atatembenuka kale kutsegulira anyamata awiri a majekete achikopa, amene sanawafunse kanthu. Ndinagwira zitsulo za geti n'kukuwa, koma ndani akanandimva m'phokoso limenelo? Ndinabwerera wapansi mpaka kwathu ku Sakubva ndikulira ngati mwana.

Sabata imeneyo bambo anasiya kumeza bwino. Lachisanu ndinatenga kiyi pansi pa pilo wawo iwo akugona, n'kutsegula bokosi lija.

Kunena zoona, jeketeyo ndinali ndisanaiyang'anepo ndi maso awiri. Inali ya jinzi, manja ake odulidwa ndi mpeni, ulusi ukulendewera m'mapewa. Kumsana kunali chigamba chimodzi chachikulu chodzaza msana wonse. Kutsogolo tizigamba tambiri tothinana, tina topetedwa bwino ta kunja, tina topakidwa penti pa zidutswa za jinzi. Zonse anasoka yekha pamanja ndi ulusi woyera wochotsera nyama m'mano, msoko wokhotakhota woti amayi akanakhala moyo akanaumasula. M'kolala munali tizitsulo tosongoka, timiyendo take topindidwira mkati. Ndipo fungo! Thukuta, fodya, utsi wa jenereta. Dzanja langa linapita lokha ku beseni, koma ndinakumbuka mmene Winston anakalipira tsiku lina nditangoiyandikiza kumadzi. Ankati jekete yotere sichapidwa, imangoyanikidwa pamphepo, chifukwa thukuta lake ndi la malo onse amene inafikako.

Loweruka ndinaivala pamwamba pa diresi yanga ya maluwa. M'kombi mayi wina anasuntha n'kuyamba kupemphera chamumtima, milomo ikugwedera. Ndinamva pang'ono zimene Winston ankamva tsiku lililonse.

Nyengeterai atandiona anaimirira. Ulendo uno sanaseke.

"Vulani," anatero. "Jekete ya munthu sivalidwa ndi wina. Chigamba chilichonse apo anachipeza yekha, inu simunapiteko kumene iye anapita. Mwaigula kuti?"

"Sindinagule. Ndi ya mlongo wanga. Ndine Ruby, bambo athu akufa, ndipo sindivula mpaka wina andiuze kumene kuli Winston. Mundimenye ngati mukufuna."

Anatsegula geti n'kuthamangira m'galaja. Nyimbo inadukira pakati. Anatuluka mnyamata wamtali wa tsitsi lopota, gitala ili pakhosi. Ndinamuzindikira, anali Farai, amene ankaimirira kuseri kwa mpanda wathu kuimbira Winston likhweru. Ena onse anatuluka pambuyo pake n'kundizungulira, osayang'ana nkhope yanga koma jekete.

Farai anaikhudza ndi chala. Anayesa Chinyanja, chilankhulo cha kunyumba kwathu, chimene anatola kwa Winston, chothyokathyoka. "Ichi chachikulu, ndi bandi yoyamba iye kumva, pa kaseti yanga. Ichi tinapita tonse ku Harare pa lole ya makabichi. Ichi anasinthana ndi mukomana, mnyamata wa ku Botswana. Izi zathu za Simbi Tsvuku anapanga yekha, ankadula zilembo pa pulasitiki ya ekiselo ya kuchipatala, n'kupaka penti."

"Mukoma Farai, zimenezo mundiuza tsiku lina. Ali kuti?"

Pamenepo m'pamene ndinaona kuti majekete awo, ngakhale anali osiyanasiyana, onse anali ndi kachigamba kamodzi kofanana, kakuda, kosokedwa kumanzere pamtima. Farai anali nako, Nyengeterai anali nako, ngakhale woimba ng'oma amene anali chifuwa pamtunda anali atakasokera pa lamba. Ndinayandikira kuti ndiwerenge. Zilembo zake sizinali za minga, zinali zooneka bwino: WINSTON, ndipo pansi pake zaka ziwiri zolekanitsidwa ndi kamzere.

Ndinakhala pansi pa simenti, mafuta a jenereta akulowa m'diresi.

"Dzenje la dayamondi linawagwera, iye ndi ena awiri," Farai anatero, tsopano m'Chishona. "Mu Juni. Amene anali nawo anawaika konko. Tinatumiziridwa nsapato zake, ndi zomwe tinadziwira. Pamtima timasokapo dzina la wathu amene wapita, palibe chigamba china chimaloledwa pamenepo."

"Juni? Ndipo inu mwakhala mukuimba magitala kuno, ife osatiuza? Ndinu anthu inu?"

"Tinabwera, sisi." Anali Nyengeterai, maso ali pansi. "Tonse, Lamlungu m'mawa, inu muli kutchalitchi. Tinavala majekete athu chifukwa kwa ife ndiye suti ya maliro, tinkafuna kumulemekeza. Mudhara, bambo anu, anationa tili pageti. Sanatilole kutsegula pakamwa. Anatenga payipi yachitsulo, akuti ana a Satana mwandidyera mwana, mukapondanso pano ndiitana apolisi. Tinabweranso kachiwiri, anatimasulira galu wa aneba. Tinaganiza kuti mwina anamva kale kwa ena, n'chifukwa chake akutida chotero."

Ndinafuna kukwiya, koma ndikwiyire ndani? Bambo anga, munthu wodziwa mwambo, amene ankati wobweretsa uthenga wa maliro sabwezedwa pakhomo ngakhale akhale mdani, anauthamangitsa uthenga wa mwana wawo chifukwa unavala zigamba. Ndipo miyezi yonseyi akhala akuyang'ana kukhomo. Ndinalira mokuwa, ndipo anthu oopsa aja, a zigaza pachifuwa ndi zitsulo m'makosi, analira nane.

Nditatonthola ndinati, "Sindingathe kuwauza ndekha. Adzandifunsa kuti anagona pati, anamuika ndani, ine sindikudziwa. Tiyeni."

Farai anavula gitala. Anayang'ana jekete yake, n'kuyang'ana mnzake wina. "Arnold, ndibwereke shati yako ya kuntchito ija. Ndisawakwiyitse mudhara ali pa mphasa."

"Ayi," ndinatero. "Mupite mmene mulilimu."

Tinayenda wapansi, ine patsogolo, iwo pambuyo, anthu akutuluka m'nyumba kudzationerera. Titafika, enawo anakhala pansi pabwalo monga amachitira anthu pa maliro. Ine ndi Farai tinalowa.

Kuchipinda kunali kamdima, makatani otseka. Ndinali nditaiwala kuti jekete ija ndidakaivala. Bambo anatembenuza mutu, anaona mapewa odulidwa ndi tizitsulo tikunyezimira pakhomo, ndipo mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira, koyamba chigwereni. Anatambasula dzanja lawo labwino n'kugwira m'mphepete mwa jekete, zala zikupapasa zigamba.

"Wabwera," anatero. "Usavule, mwana wanga. Ikukhala bwino."

Farai anagwada pafupi ndi bedi, dzanja lake litaphimba kachigamba ka pamtima, n'kundiyang'ana kuti ndiyambe ndine.