Tyushoni ya Olipa ndi Nthawi Yothilila Tomato

Chikalata chimene Olipa Njobvu anamata pachitseko cha chigayo ku Nyampande chinali chokongola, pamenepo ndiye palibe angatsutse. Anakachisindikiza ku boma, ku Petauke, zilembo zake zakuda bii, zoongoka ngati mizele ya thonje. China anamata pachipatala, china pamjigo, ndipo chithunzi chake anachiponya pagulu la Watsapu la kutchalitchi. Chinkati:

TYUSHONI YA PA HOLIDE. Kwa ana a Giledi 12 amene akukonzekela mayeso a boma. Masamu ndi Sayansi, pamodzi ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Milungu itatu mu Ogasiti, Lolemba mpaka Lachisanu, 07:00 mpaka 11:00, m'holo ya tchalitchi. Phunzilo limodzi K150, onse awili K250. Mphunzitsi: Olipa Njobvu.

Liwu lakuti mphunzitsilo analiwelenga kambilimbili. Zaka zinayi zinali zitapita chimalizile koleji, satifiketi ili m'sutukesi, laisensi ya uphunzitsi ilinso momwemo, koma nthawi iliyonse boma likatulutsa maina a olembedwa ntchito, lake silinkaoneka. Anakulila ku boma kuja, ndipo kumudzi kwa amai ake anabwela mu Epulo momwemu, bambo ake atamwalila. M'sutukesi muja munalinso bokosi la choko limene anagula tsiku lomaliza koleji. Linali lisanatsegulidwe.

Holo anamubweleka ndi a Daka, mkulu wa mpingo, munthu wosakonda kuzungulila.

"Mwana wanga, holo iyi akuifunanso Cosmas wogula mtedza uja, kuti aikemo sikelo ndi matumba. Ine ndamuuza kuti ana ayambe aphunzila. Koma likafika Lachisanu ulibe ana khumi, makiyi ndipatsa iye. Tamvana?"

"Tamvana, bambo."

Kwina kunali amai ake aang'ono, amake Tisunge, ogulitsa nthochi pamseu waukulu ku Nyimba. Iwowa anali atamusungila kale beseni ndi malo pafupi ndi poima mabasi. Pafoni sankamunyengelela ayi.

"Iwe Olipa, satifiketi siidyeka. Lachisanu ndikubwela kudzaona amai ako. Zikakanika zakozo, tikwela limodzi. Nthochi sizifunsa kuti unapasa bwanji."

Olipa anavomela, poti zaka zinayi zodikila zimatopetsa. Koma mumtima ankadziwa kuti akangosenza beseni ija, choko sadzachigwilanso.

Sikuti anangomata mapepala n'kukhala pansi. Anayenda khomo ndi khomo, ndipo paliponse ankamulandila bwino, kumuyalila mphasa, kumumvetsela mpaka amalize. "Tamva, amai. Mwachita bwino kwambili. Adzabwela mwanayo." Anawelenga makomo amene anayankha chotelo, anakwana makumi awili ndi limodzi. Anabwelela kunyumba akuimba.

Lolemba anafika m'holo dzuwa lisanatuluke bwino. Anasesa, anandandalika mabenchi, anaimika bolodi pa mipando iwili, naika bokosi la choko patebulo. Seveni hawazi inakwana. Eiti. Naini. Analowa ndi nkhuku imodzi yokha, nayonso inangoyang'ana uku ndi uku n'kutuluka. Lachiwili chimodzimodzi, kupatula kuti nkhuku ija sinabwele n'komwe.

Manyazi amene anamugwila, abale inu! Pobwelela anadzela kanjila ka kuseli kuti asadutse pachigayo. Amake Tisunge atamva anaseka mpaka foni inachita kulila.

"Ndi mtengowo! K250 kumudzi? Tsitsa, kapena yamba kulongedza."

Lachitatu Olipa anakhala m'holo mpaka naini hawazi, cholembela chili m'manja, akuganiza zofafaniza 250 n'kulemba 150. Kenako mtima unamuwawa. Anthu makumi awili ndi mmodzi kumunamiza m'maso muli gwa? Anatseka holo, nalunjika kwa amake Rachael, amene mwana wawo aliyense ankati ndi wanzelu kusukulu. Pakhomo anapeza zii. Gogo wina wa nyumba yoyandikana anangoloza ndi ndodo kumunsi, kudambo.

Kudimba ndi kumene Olipa anawapeza ana ake onse a sukulu. Mudzi wonse unali kumeneko! Kuyambila kumtunda mpaka kumene maso amalekeza, madimba otchingidwa ndi minga anali ndi anthu, atsikana ndi anyamata akuthamanga ndi makeni othilila pakati pa zitsime ndi mizele ya tomato, lepu ndi anyezi. Rachael anali ndi makeni awili, matope mpaka m'maondo. Pampanda anapachikapo pepala la masamu la chaka chatha, lokutidwa m'pulasitiki ya shuga. Akafika pamenepo ankaima, kuwelenga funso, n'kupitiliza kuthilila milomo ikugwedela.

Olipa anaiwala mkwiyo wake. "Funso liti limenelo?"

Rachael anadzidzimuka, nagwada pang'ono. "La nambala seveni, madamu. La ma seti. Landikanika kuyambila mailo."

Olipa anathyola kamtengo, najambula pamatope mabwalo awili olowana. Sipanathe mphindi zisanu, mtsikana uja anaomba m'manja, keni n'kugwa, madzi khuthu.

"Aa! Kani n'chimenechi basi?"

Amake Rachael anadzuka pamene ankamangilila tomato kumitengo, napukuta manja pachitenje.

"Amai," anatelo Olipa, "munandiuza kuti adzabwela. Kodi ndi ndalama? Ngati zachuluka nenani, nditsitsa."

"Ndalama? Iyayi. K250 ndi mabokosi awili a tomato awa, ndinaika kale pambali. Koma seveni hawazi, mwana wanga? Ogasiti uno? Tomato akapanda kumwa m'mawa masiku atatu, maluwa onse amayoyoka. Nanga za tyushonizo zichokela kuti, nsapato za kusukulu zichokela kuti? Holide ino ndi imene timapumila ife, poti ana alipo otithandiza kutunga."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

Maiyo anamuyang'ana modabwa zenizeni. "Munthu wophunzila wabwela pakhomo pako, walemba kale pepala lake ndi makina, iwe n'kumuuza kuti walakwitsa? Tinangoti mwina ndi mmene amachitila ku boma."

Olipa anaseka, misozi ili m'maso. Masiku atatu akudandaula kuti anthu amukana, pamene anthuwo ankangomupatsa ulemu.

"Mumaweluka nthawi yanji?"

"Dzuwa likatentha, cha m'ma teni. Masana sitithilila, madzi amangouma. Timabwelelanso sikisitini hawazi."

Tsiku lomwelo anapita kwa a Daka, ndipo iwo anati holo masana ilibe ntchito, koma za Lachisanu sizinasinthe. Ndalama zokasindikizanso ku boma panalibe, nthawi panalibenso. Olipa anatenga cholembela chofiila, nazungulila pachigayo, pachipatala ndi pamjigo. Pachikalata chake chokongola chija anakhwatcha 07:00 mpaka 11:00, nalemba ndi dzanja 11:00 mpaka 15:00. Pansi anaonjezela kuti: Thililani kaye. Bwelani ndi kamba. Chinaoneka chonyansa, inde, koma iye analibe nazo ntchito. Anajambulanso n'kuponya pa Watsapu.

Lachinayi anabwela asanu ndi mmodzi. Olipa anawaphunzitsa ndi mtima wonse, koma choko sanatsegule. Analemba ndi katsalila ka choko kamene anatola pawindo la holo, poopa kutsegula bokosi lake tsiku limodzi n'kukalisiya ku Nyimba pansi pa bedi. Asanu ndi mmodzi si khumi.

Lachisanu amake Tisunge anatsika panjinga yamoto cha m'ma teni, phava la nthochi lili pamiyendo, ndipo anapita molunjika kuholo. Anasuzumila m'kati, naona mabenchi okhaokha.

"Ndiye sukulu yako imeneyi? Yadzaza bwanji!"

Posakhalitsa a Daka anafika. Kumbuyo kwawo kunali Cosmas ndi ngolo ya ng'ombe, sikelo yake ili pamwamba pa matumba opinda. Munthuyo anali atavula kale jekete kuti ayambe kutsitsa.

"Bambo, nthawi sinakwane," anatelo Olipa. "Chikalata chikuti leveni."

A Daka anayang'ana wochi yawo. "Tidikila leveni."

Olipa anaima pakhomo. Kanjila kochokela kudambo kanali mbee, fumbi lokhalokha. Kutatsala mphindi khumi anatulukila Rachael, buku lili pamutu, mapazi osambitsidwa mothamanga, matope akadali m'zidendene. Kumbuyo kwake kunali atsikana atatu. Kenako belu la njinga, anyamata awili okwezana. Kenako ena, enanso, wina akutafuna mbatata yootcha, wina keni ikadali m'manja poti sanafike n'kunyumba komwe. Amake Rachael anali atafuula uthenga pamwamba pa mpanda, woyandikana nawo n'kuupatsila wotsatila, dimba ndi dimba, mpaka unakafika kumidzi ya kutsidya kumene Olipa sanapondeko n'komwe.

A Daka ankawelenga ndi chala aliyense akamalowa. Atafika pa khumi sanaleke, ankangokweza mawu ngati akulengeza zopeleka za pa Sabata.

"Makumi awili ndi asanu ndi awili!" Anatembenukila kwa Cosmas. "Achimwene, mabenchi sakukwana. Tibwelekeni matumba opindawo ana akhalile, sikeloyo mukaimike pansi pa mtengo paja munali chaka chatha."

Cosmas anapukusa mutu, koma anaseka, natsitsa matumba. Wachisanu pa mzele wakutsogolo anali mwana wa mlongo wake wa Cosmasyo.

Olipa chimwemwe chinamudzaza. Anafuna kuvina, anafuna kulila, anafuna bambo ake akanakhalapo. Amake Tisunge anali ataima pakhomo, manja m'chiuno, kukamwa yasa. Kenako anamasula mfundo ya chitenje chawo, nalowa m'kati pamaso pa ana onse, naika ndalama patebulo.

"Onse awili, Masamu ndi Sayansi. Tisunge nayenso alemba chaka chino, ndipo masamu amamuzunguza mutu. Mailo kukangocha ndimukweza basi, adzagona kwa amai ako milungu iwili yatsalayi."

"Nanga beseni ija, amai?"

"Beseni ndipatsa wina." Anakhala pansi pa thumba limodzi kumbuyo, nayamba kuthyola nthochi zija n'kupatsila ana. "Nanga mukudikila chiyani? Yambani, aphunzitsi, ana awa sikisitini hawazi akufunika kudimba."

Olipa anang'amba pepala la pabokosi lija ndi chikhadabo, natulutsa choko chathunthu, choyela mbuu. Anatembenukila kubolodi, nalemba tsiku.