Denga la ku Kawale

A Thumbiko Gondwe, injiniya wamkulu, anafika ku Kawale chakumasana, kalata ili pa mpando wa galimoto, yosasainidwa. Inali yochitira umboni Zulaikha, mtsikana amene anamuphunzitsa ntchito ya magetsi, mipope ndi mpweya wa m'nyumba zikuluzikulu. Popanda siginecha yawo, bungwe lolembetsa mainjiniya silikanalandira pempho lake chaka chimenecho.

Kalatayo anailemba ndi Zulaikha mwini. Ndi mmene amachitira mabwana otanganidwa: lemba wekha, ine ndidzangosaina. Koma a Gondwe, munthu wovuta ngati nsapato yatsopano, anakakamira pa mzere umodzi wonena kuti mtsikanayo amatha kuweruza yekha pa ntchito. Zojambula zake ankazidziwa, zaukhondo zedi. Koma kuweruza? Zaka zonsezi iwo ankalamula, iye n'kumangoti "chabwino, bwana." Asainire bwanji chinthu chimene sanachionepo?

Anam'peza mtsikanayo pa kachipatala kamene kampani yawo inkakonza, ataima pakhomo la chipinda cha odwala chifuwa. A Andrew, kontirakitala, thukuta lili kamukamu, ankakalipa.

"Bwana, mwafika bwino! Mwana wanuyu akuti tiphwasule siling'i yonse. Chipatala atsegula Lolemba!"

"Fani yotulutsa mpweya aitembenuza," anatero Zulaikha. "M'malo motulutsa kunja, ikukankhira mpweya wa odwala m'khonde modikirira amayi ndi ana."

A Gondwe anayang'ana m'mwamba. Anakumbukira: pa pulani ya chipindacho muvi wolozera mpweya anaujambula ndi iwo, mothamanga, ndipo unaloza kolakwika. A Andrew anangotsatira pepala.

"Pulani ndi yanga, Zulaikha," anatero mwadala, nkhope ili gwa. "Ukuti ndinalakwitsa?"

Mtsikanayo ankadziwa chimene chinali pa mpando wa galimoto ija. Anang'amba kapepala, nakaika pa mpata wa pansi pa chitseko. Kanauluka kulowera m'khonde.

"Pepani bwana, inde munalakwitsa. Ine sindivomereza chipindachi, ngakhale mukwiye."

Kunena zoona, zinawawawa a Gondwe. Zaka zonse zija palibe wamng'ono anawauzapo zotero, pamaso pa kontirakitala n'komwe! Manyazi anawagwira, koma pansi pa manyaziwo munali chimwemwe chimene sanachiyembekezere.

"A Andrew, phwasulani. Zowonongekazo ndilipira ine."

Anapita ku galimoto, natenga kalata ija, nakhwatcha mzere wovutawo. Zulaikha ataona cholembera chikudutsa pa mawu ake, maso anadzaza misozi. Basi, chaka chapita.

Koma iwo anapitiriza kulemba m'munsi mwake, atatsamira pa boneti: "Lero, ine ndikuona, wakana pulani yanga yolakwika, ndipo wateteza odwala."

"Ukailembenso pa kompyuta," anatero pom'patsa. "Mawu amenewa usachotsemo ngakhale limodzi. Ndisaina mawa."