Onani Bwembya, Webster

Ntchito yolemba buku la mayina a mpingo inamugwera Luyando chifukwa ndi iye yekha pa tchalitchi chonse cha ku Chawama chija amene anaphunzirapo zosunga mafailo asanakwatiwe. Abusa ankafuna kabuku kosindikiza: dzina, ntchito ya munthu, ndi nambala ya foni, kuti wofuna kalipentala kapena wophika makeke aziyamba kaye wafunsa kwa abale. Maganizo abwino. Koma anthu amene amaimba limodzi Lamulungu lililonse, ukangowaika pa mzere wa A mpaka Z, umawadziwa bwino.

Ankagwirira ntchitoyo m'kaofesi ka kuseri kwa guwa, kopanda zenera, kodzaza mipando yothyoka ndi ng'oma zakale. Mapepala amene anthu analembapo mayina awo anali mulu. Pafupifupi theka anayamba ndi Ba: Ba Kabwe, Ba Chilekwa, Ba Dikoni Chisenga. Akanawatsata, mpingo wonse ukanaunjikana pa B ngati anthu odikira minibasi pa Kafue Road. Choncho anachotsa maulemu onse, udikoni ndi uneneri womwe, n'kuyambira pa dzina la makolo. Koma Si ndi Na wa anthu a kumpoto sanamukhudze, pakuti ameneyo si ulemu, ndi dzina lenilenilo. Sikazwe anapita pa S, mlongo wake Nakazwe pa N, ngakhale ankagona nyumba imodzi. Wometa tsitsi wotchedwa de Sousa anamuika pa D, n'kuwerenga dzinalo ngati liwu limodzi, monga anamuphunzitsira ku koleji. Mayina awiri olumikizidwa ndi kamzere nawonso amawerengedwa ngati limodzi, ndipo amakhala pa chilembo cha dzina loyambalo.

Lamulo lomalizali ankalikonda kuposa onse, ndipo chifukwa chake sanauze munthu.

Abusa anali atanena kuti mwamuna ndi mkazi a dzina limodzi azikhala pa mzere umodzi, ndi nambala ya mwamuna. Mwamuna wa Luyando, Dikoni Webster Bwembya, ndiye ankayankha kale chilichonse chokhudza mkazi wake. Wofuna keke ya ukwati ankaimbira Webster, ndipo Webster ankayankha kuti amayi ndi otanganidwa. Azakhali ake a ku Matero akafuna kumuona, uthenga unkadzera kwa Webster n'kufera komweko. Sankamumenya, ayi. Ankangoima pakhomo lililonse akumwetulira. Kafoni kake Luyando anali nako, koma anthu ankaopa kuimbira mkazi wa dikoni molambalala mwini wake. Tsono Luyando pa masatifiketi ake a makeke ankalemba Lombe-Bwembya, dzina la bambo ake patsogolo. Mwa lamulo, malo ake anali pa L, kutali ndi B, pa mzere wakewake, ndi nambala yake yosindikizidwa ndi dalitso la abusa. Anautayipa mzerewo tsiku loyamba lomwe, ndipo nthawi zonse akatsegula kompyuta ankayamba wausuzumira. Zinali zochititsa manyazi kuti munthu wamkulu angakondwere chotere ndi kamzere kamodzi, koma ankakondwera.

Vuto linayamba ndi mayi wina wogulitsa makala, amene Chawama yonse inkamudziwa kuti Bana Kombe. Atamva kuti wamuika pa C, monga Chiti, Philomena, anabwera ku kaofesi kaja chitenje chili m'chiuno. Anati dzina limenelo analisiya pa reji, chitupa chake cha boma, ndipo wofuna makala sangakalifune kumeneko. Ankanena zoona. Luyando anamuonetsa njira imene osunga mayina amachita: pa B analemba kuti Bana Kombe, onani Chiti, Philomena. Mzere wotere sukhala ndi nambala, umangoloza kumene nambala ili. Mayiyo anachoka akuseka, n'kukauza aliyense kuti iye walowa m'buku kawiri. A Nakazwe nawo anafuna wawo. Pofika Lachisanu mpingo wonse unkadziwa kunena kuti onani uje.

Loweruka masana komiti inakumana kuti ione bukulo lisanapite kosindikiza. Anakhala m'kaofesi momwemo, maondo akugundana, chitseko chotseka chifukwa kwaya inkayeserera. Panali abusa Nkole, mayi busa, ndi madikoni, Webster pakati pawo. Luyando anakhala pa kompyuta, msana uli kukhoma. Mapepala ankayenda dzanja ndi dzanja. Anaona chala cha mwamuna wake chikutsika pa B, n'kuima pamene iye Luyando, potsata lamulo lomwelo, analemba kuti Bwembya, Luyando, onani Lombe-Bwembya. Akanatha kuusiya mzere umenewo. Koma dzina lachiwiri la munthu wa mayina awiri liyenera kulozera ku loyamba, ndipo dzanja lake linakana kuchita ntchito yoperewera.

Webster sanakwiye. Anatsegula pa L, anawerenga, n'kufunsa mofatsa ngati zimenezi zinali zolakwika. Luyando anafotokoza za kamzere ndi dzina loyamba, mawu ake akumveka ngati a mwana woyankha mayeso. Webster anagwedeza mutu movomereza. Anauza abusa kuti akazi ake ntchito amaidziwa, iye sangatsutse sukulu. Anangofuna kudziwa chinthu chimodzi: munthu akakhala ndi mayina angapo, amasankha ndani lakuti likhale ndi nambala?

Yankho loona linali limodzi, ndipo Luyando sakanatha kunama pa zimene anaphunzira. Anati limatsatidwa dzina limene mwini wake amagwiritsa ntchito.

“Ndiye ni vopepuka, ba Pasta,” anatero Webster. “Mwine wa zina ali pamene pano. Bamufunse chabe.”

Abusa anaseka, pakuti kwa iwo inali nkhani yaing'ono yochedwetsa anthu. Anatembenukira kwa Luyando. “Ba Mai Bwembya, tiuzeni. Imwe zina yanu ni ndani?”

Funsolo linali litadziyankha kale m'mene analifunsira. Luyando anayang'ana mayi busa, amene anamulangiza asanalowe m'banja, ndipo mayi busa ankayang'ana zikhadabo zawo. Madikoni ankadikira ndi nkhope zabwinobwino. Palibe amene ankamuopseza, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri. Akanati Lombe-Bwembya, mawa lake nkhani ikanafika mpaka ku komboni ya Kanyama kuti mkazi wa dikoni wakana dzina la mwamuna pamaso pa abusa. Akanaitanidwa ku uphungu, akanapemphereredwa, azakhali akanaitanidwa kuchoka ku Matero kudzapepesa, ndipo madzulo akanabwerera kunyumba yomweyo. Kunja kwaya inkabwereza mzere umodzi wa nyimbo umene unkawavuta. M'kaofesimo munali kutentha, ndipo kuti atuluke akanayenera kupempha anthu onsewo kuti asunthe miyendo.

“Ndine Mai Bwembya,” anatero.

Webster anamwetulira, n'kusonyeza kuti si munthu wouma mtima. Anapempha kuti dzina la apongozi ake lisafafanizidwe, chifukwa alipo amene amawadziwa akazi ake ndi dzina la pa makeke. Likhalebe pa L, lichite monga anachitira a Bana Kombe. Komiti inayamikira nzeruzo. Ndipo kunena zoona, mwa lamulo la ntchitoyo, pempholo linalibe cholakwika chilichonse.

Anamudikira kuti akonze pomwepo. Pa B analemba Bwembya, Webster ndi Luyando, ndi nambala ya dikoni. Kenako anatsika mpaka pa L. Anafafaniza mawu oti makeke a ukwati ndi a tsiku lobadwa. Anafafaniza nambala yake kuyambira kumapeto, Webster atamuimirira kumbuyo kuti aone bwino. Pa malo amene anatsalawo anatayipa: Lombe-Bwembya, Luyando, onani Bwembya, Webster.

Abusa anafunsa ngati tsopano zonse zinali m'malo mwake. Luyando anawerenganso mzerewo, monga anazolowera, kufuna cholakwika. Sanachipeze.